Za kalata ya msonkho wa malo amasiye: mmene zathera

Funso langa linali lakuti: "Ndimakhala ku Britain, ndipo ndalandira kalata yofuna msonkho wa phindu pa malo omwe mayi anandisiyira ku Lilongwe, amene ndinagulitsa mu 2025. Nditani?"

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha. Ndinatsatira malangizo akuti phindu liwerengedwe kuchokera pa mtengo wa malowo tsiku limene mayi anamwalira mu 2019, osati pa ndalama zomwe iwo anagulira. Popeza tinalibe chikalata cha mtengowo, mlongo wanga anapeza katswiri woyeza mitengo ya malo, yemwe analemba kuti anali K20 miliyoni.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mtengo uliwonse umasinthidwa kukhala mapaundi malinga ndi mphamvu ya kwacha ya tsiku lakelo. Motero K20 miliyoni ija inali pafupifupi £21,000, pamene K60 miliyoni imene ndinagulitsira inangokwana £26,000. Titachotsa £1,000 ya loya ndi £3,000 imene sadula msonkho pa chaka, panatsala £1,000, ndipo pa 24 peresenti ndinalipira £240.

Malisiti a loya musataye. Anga ndinawapeza atapindidwa m'Baibulo la mayi.