Chithunzi cha ku Tete chija chaoneka bwino tsopano

"Achimwene, ndajambula chikwangwani cha zakudya palesitilanti ina kuno ku Tete. Zonse n'zachipwitikizi, ndidye chiyani? Paja nkhanu zimanditulutsa zidzolo."

Achemwali, chithunzi mwatumiza kachiwirichi chikuwerengeka, ndiye ndikuyankheni bwinobwino tsopano.

Mzere unabisika ndi chala pachithunzi choyamba uja walembedwa Matapa. Ndi chigwada chosinja mumtondo, chophikidwa ndi nsinjiro komanso mkaka wa kokonati. Kunoko tikanangoti ndiwo zamasamba zotendera, koma kumeneko ambiri amathiramo nkhanu kapena tinkhanu tam'nyanja, ndipo zikalowerera mumsuzi wobiriwirawo simungazione. Chonde musayitanitse musanafunse kuti "Tem caranguejo ou camarão?" Apa mukufunsa ngati muli nkhanu kapena tinkhanu tam'nyanja, ndipo akayankha kuti "tem", ndiye kuti zilimo, zisiyeni. Ngakhale atazichotsa m'mbale, msuziwo waphikidwa kale nazo.

Xima ndi nsima yathu yomweyi. Frango à Zambeziana ndi nkhuku yonyikidwa mumkaka wa kokonati, mandimu ndi adyo, kenako n'kuwotchedwa pamakala. Imeneyo idyani, koma tsabola amakhalamo.

Mawu ali pamwamba aja, Mata-bicho, asakuopseni. Kumasulira liwu ndi liwu ndi "kupha kachilombo", koma amatanthauza kadzutsa, monga tiyi ndi buledi. Mukapita masana mupeza atachotsa kale.