Zatha bwino: yankho la kasitomala wa ku Valencia

"Kasitomala wadandaula m'Chisipanishi kuti katundu anachedwa. Ndalemba kuti 'Hola, gracias por tu comentario, lo siento para el retraso, espero que vuelves'. Kodi zili bwino?" Ili ndi funso lomwe ndinabweretsa sabata yatha.

Zikomo nonse amene munandithandiza. Chachikulu chomwe ndinakonza ndi ulemu. Munthu wosamudziwa amene wakwiya sitimutchula "tu", ndiye ndinalemba "su comentario" mogwirizana ndi "usted", mawu aulemu ofanana ndi "inu", ndipo mneni aliyense anatsatira. Apa mpofunika kusamala, chifukwa kusakaniza "su" ndi "vuelves" m'kalata imodzi kumaoneka kusasamala kwenikweni.

"Lo siento para" n'kulakwitsa. "Lamentamos el retraso" ndiye zomveka ngati sitolo. Pambuyo pa "esperamos que" mneni amasintha, choncho "vuelva", osati "vuelve".

Yankho lomwe ndinatumiza nali: "Estimada señora: Gracias por su comentario. Lamentamos el retraso en la entrega y le pedimos disculpas. Esperamos que vuelva a confiar en nosotros. Atentamente."

Onani kuti pambuyo pa malonje ndaika madontho awiri, osati mpatuliro. Mayiwo anayankha tsiku lomwelo n'kuwonjezera nyenyezi imodzi pa ndemanga yawo yokhudza sitolo yathu.