Bambo anga akutha thupi koma miyendo ikutupa, thandizeni maganizo

Membala wobisa dzina
Abale anga a pagulu pano, pepani ndabisa dzina chifukwa achibale ena ali momwemuno. Bambo anga ali ndi zaka 67, tikukhala nawo ku Mufakose. Adokotala adati mtima wawo udafooka, sukupopa bwino magazi. Chigonekedwe chawo kuchipatala mu Marichi, tidasiyiratu kuthira mchere m'ndiwo zawo ndipo madzi timawayezera lita imodzi patsiku. Pano nsima amangodya mbamu ziwiri n'kukankha mbale, ati ndiwo zikungomveka madzi. Nkhope yalowa, mafupa a m'khosi ali pamtunda, koma miyendo ndi yotupa mpaka m'mawondo. Pasikelo ya kufamase akulemera makilo 63, ndiye alamu anga akuti ndikungokokomeza, munthu wa makilo 63 si woonda. Alamu omwewo sadabwereko n'kamodzi komwe kudzachapa zofunda. Achimwene ali ku Joni, foni amayankha akafuna, ndalama ya kombi yopita kuchipatala ndimachita kukongola. Madzi a pampopi kuno sabwera, ndimadzuka usiku kukaima pamzere kumjigo kenako ndikagulitse kumsika. Ndatopa. Ndiwapatse chiyani kuti thupi libwerere?

Mjomba wa ku Mbare
MCHERE AYI. Ndikunena ine amene ndakhala ndi vuto la kuthamanga magazi zaka zambirimbiri. Ndidataya botolo la mchere m'nyumba mwanga, ana adalira, koma lero ndikuyenda ndekha kukafika ku Mbare Musika. Musamvere zoti ndiwo sizikukoma. Akuluakulu akadwala amasanduka ana, muwaumirize adye.

Mayi a Tadala
Mwanawe, pepa. Malemu amuna anga adayamba chonchi, kuonda ndi kukana chakudya, ife n'kumati ndi mtima womwewo, kumapeto kudapezeka kuti ndi chifuwa chachikulu. Tidachedwa. Akawayeze makhololo.

Namwino wa ku Highfield
Mayi a Tadala anena zoona, munthu akamaonda chonchi amayezedwa chifuwa chachikulu, kachilombo ndi shuga, nthawi zina ndi khansa yomwe, osangoti ndi mtima. Koma achemwali, mwatiuza zambiri kusiya zofunika. Asanadwale ankalemera bwanji? Tsiku lotuluka m'chipatala, miyendo itaphwa, adalemba makilo angati pakhadi? Akumwa mankhwala anji? Ndipo lita imodziyo adakuuzani ndani, liti?

Mnyamata wa Zitsulo
Apa n'zosavuta, minofu imafuna mapuloteni. Mazira 6 m'mawa, matemba ambiri, mkaka lita imodzi. Mwezi umodzi mudzandiuza.

Mjomba wa ku Mbare
Matemba?! Iwe mwana, ukudziwa mchere umene amaumitsira matemba? Ufuna kupha munthu? Zonyamula zitsulo zakozo usabwere nazo pa odwala.

Mnyamata wa Zitsulo
Amjomba, inu vuto lanu ndi kuthamanga magazi ndipo mimba yanu tonse timaidziwa, imalowa m'kombi inu musanalowe. Awa ndi munthu woonda. Si matenda amodzi.

Membala wobisa dzina
Anamwino, chaka chatha ankalemera 68. Pakhadi la tsiku lotuluka palembedwa 58. Ndiye ine ndimaona ngati 63 ndi nkhani yabwino, kuti awonjezera. Mankhwala ndi ambiri, ena ndi okodzetsa aja. Achimwene adalonjeza kuti azitumiza ya mankhwala koma mwezi uno zii.

Namwino wa ku Highfield
Apa ndiye pali nkhani yonse. Thupi lawo lenileni ndi la makilo 58 aja, pamene madzi anali atachoka. Kuchoka pa 68 kufika pa 58 ndi makilo 10, pafupifupi 15 pa 100 alionse a thupi lawo. Kwa wodwala mtima, akataya zoposa 5 pa 100 m'chaka chimodzi asakufuna, osawerengera madzi otupitsa, timati matenda a mtimawo ayamba kudya minofu ndi mafuta a m'thupi. Bambo anu ataya pafupifupi katatu ka muyeso umenewo.

Makilo 5 amene abwera pamwambawo si mnofu. Munthu wodya mbamu ziwiri sanganenepe. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, ndiye akunyamula madzi pafupifupi malita 5 m'miyendo ndi m'mimba, mwinanso kuposa ngati mnofu wapitirira kutha kuchokera mu Marichi. Alamu anu akuwerenga madzi.

Madzi omwewo ndi amene akuwaletsa kudya. Sakhala m'miyendo mokha, amatupitsanso chiwindi ndi matumbo, munthu n'kumamva kukhuta atangodya pang'ono, ndipo chimene wadyacho sichilowa bwino m'thupi. Choncho chakudya chokha sichingakonze izi. Apite kuchipatala sabata ino, musadikire tsiku lobwereza, akaone ngati mlingo wa mankhwala okodzetsa ukukwanira. Ngati akubanika akagona chagada kapena akudzuka usiku ndi phuma, pitani lero.

Poti sikelo ikunama, bwerekani tepi ya telala muyeze mkono wakumtunda, pakati penipeni pa phewa ndi chigongono, mkono uli lende. Kumeneko madzi safikako kawirikawiri. Ukachepera masentimita 23 kwa munthu wamkulu ndiye kuti waondadi. Lembani nambalayo, muziyezanso malo omwewo pakatha milungu iwiri iliyonse.

Mlongo mwa Ambuye
Mwana wa Mulungu, osataya mtima, tikukupemphererani. Za achimwene anuzo zisiyeni m'manja mwa Mwini wake. Ine mlongo wanga adandisiyira amayi ndekha zaka zonse za matenda awo, pamaliro ndiye adalira kuposa tonse.

Mjomba wa ku Mbare
Mwamva? Anamwino anena okha kuti ndi MADZI. Chimasunga madzi m'thupi n'chiyani? Mchere! Pali wina m'nyumbamo akuwapatsa mobisa. Ndipo lita imodzi yachuluka, achepetse ifike theka.

Namwino wa ku Highfield
Amjomba, chonde theka la lita ayi. Munthu womwa mankhwala okodzetsa mukamumana madzi chotero mumapweteka impso, ndipo miyendo ikhoza kukhalabe yotupa. Kuti mchere wambiri umasunga madzi n'zoona. Koma malangizo a madokotala a mtima a ku Ulaya a 2021 amati wodwala asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, sanena kuti asalawe n'komwe. Magalamu 5 ndi pafupifupi kasupuni ka tiyi kosadzaza bwino, kuwerengera ndi mchere wobisika m'buledi ndi zina zogula. Kudachitikanso kafukufuku wamkulu wotchedwa SODIUM-HF, zotsatira zake zidatuluka mu 2022. Odwala mtima amene adawachepetsera mchere kwambiri sadasiyane kwenikweni ndi anzawo pa kugonekedwa m'chipatala kapena pa imfa. Kwa munthu amene akutha thupi, ndiwo zopanda mchere zikamulepheretsa kudya, mwataya chachikulu pofuna kusunga chaching'ono.

Achemwali, yezani theka la kasupuni m'mawa muike pakambale, ukhale mchere wa bambo wa tsiku lonse. Ndiwo zawo muphike opanda mchere, muziwaza pamwamba pakudya, umamveka bwino pakamwa kusiyana ndi wosungunukira mumphika. Zoti muchotse ndi makyubu ndi ufa wa supu, poloni, soseji, nyama youmitsa ndi mchere, ndi soda wothira m'therere, chifukwa nayenso ali ndi sodiyamu, chinthu cha mumchere chimene chimasunga madzi m'thupi. Anyezi, tomato, adyo ndi ndimu zimathandiza kukometsa.

Mjomba wa ku Mbare
Kafukufuku wa azungu ameneyo adadya nawo nsima ya kuno? Ine ndikunena zimene ndaona ndi maso. Ngati akufuna kukoma agule mchere wa odwala uja wa kufamase, ine ndimathira umenewo ndipo ndilibe vuto.

Namwino wa ku Highfield
Umenewo ndiye asagule asanandiyankhe za mankhwala. Mchere wa odwalawo ndi wa potaziyamu. Ambiri a vuto la mtima amamwa sipironolakitoni ndi enalapulo, ndipo onse awiri amasunga potaziyamu m'thupi. Mukawonjezera wina, makamaka impso zikakhala zofooka, akhoza kukwera mpaka kusokoneza kagundidwe ka mtima popanda chenjezo. Achemwali, werengani maina pamapaketi. Muonenso ngati pali mankhwala ena a mtima otchedwa dijokisini, chifukwa kwa munthu amene waonda amatha kuchuluka m'magazi n'kuyambitsa nseru ndi kukana chakudya.

Mayi a Tadala
Koma mkaka uja wanena mnyamatayu suli m'gulu la madzi? Ife kuchipatala ankatiwerengera ndi phala lomwe.

Mnyamata wa Zitsulo
Chabwino, lita yachuluka, koma mapuloteni ndiye akufunika, pamenepo sindibwerera.

Namwino wa ku Highfield
Nonse awiri mukulondola. Tiyi, mkaka, maheu, msuzi ndi phala lamadzimadzi zonse zimawerengedwa. Ndiye ngati muyeso ulipo, musaumalize ndi tiyi wopanda mkaka. Mapuloteni tiwerengere pa makilo 58, osati 63. Pa galamu 1.2 pa kilo iliyonse akufunika pafupifupi magalamu 70 patsiku, ngati impso zili bwino. Dzira limodzi lili ndi 6, kapu ya mkaka kapena chambiko ili ndi 8. Mazira awiri, kapu ya chambiko, phala lolimba lothira chiponde chosinja nokha chopanda mchere, nyemba, kachidutswa ka nkhuku kapena nsomba yaiwisi, mwayandikira. Matemba ouma muyambe mwawaviika n'kutaya madziwo kawiri, ndipo akhale a apo ndi apo. Musawaikire phiri la nsima, limawagwetsa ulesi. Pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu n'kamodzi patsiku, ndipo asamwe madzi atatsala pang'ono kudya. Ndinene poyera kuti kuonda kwa matenda a mtima sikubwerera msanga ngakhale adye bwino. Choyamba n'kuimitsa kutsikako.

Membala wobisa dzina
Ndaona mapaketi. Pali furosemide, spironolactone ndi enalapril, dijokisini uja palibe. Za lita imodzi adanena ndi adokotala a kuwodi, tsiku lachiwiri atagonekedwa, pamene ankabanika kwambiri. Potuluka palibe adanenapo kanthu, ine ndidangopitiriza. Bambo amalira ludzu usiku, ndimabisa jagi.

Namwino wa ku Highfield
Lamulo la kuwodi limakhala la masiku ovutawo, si kawirikawiri kuti munthu apite nalo kunyumba miyezi. Kunyumba muyeso umaperekedwa kwa amene matenda afika povuta kapena amene sodiyamu wa m'magazi watsika, ndipo nthawi zambiri umakhala lita imodzi ndi theka mpaka malita awiri. Ine sindingakusinthireni pano ndisanaone magazi awo, makamaka poti ndi otupa. Pa pepala la zotsatira fufuzani pamene palembedwa Na, ndiye sodiyamuyo. Ikakhala pansi pa 135 ndi yotsika, ndipo zikatero nthawi zambiri si kuti mchere wachepa m'chakudya, ndi madzi amene achuluka m'magazi. Muonenso K, amene ndi potaziyamu, ndi creatinine, imene imaonetsa mmene impso zikugwirira ntchito. Ngati sadayezedwe chitulukireni, pemphani ayezedwe, mufunse adokotala kuti malita angati, alembe pakhadi. Pemphaninso kuonana ndi katswiri wa kadyedwe, zipatala zazikulu ngati Parirenyatwa amakhala nawo. Pakadali pano ludzu muziliziziritsa ndi kuchukucha m'kamwa, kachidutswa ka ndimu kapena ka ayezi. Mukapeza sikelo ya panyumba, aziyeza m'mawa uliwonse atakodza, asanadye. Akakwera makilo oposa 2 m'masiku atatu, ndi madzi, pitani nawo.

Mjomba wa ku Mbare
Ine ndanena zanga. Theka la kasupuni lero, mawa adzapempha supuni yonse. Mudzandikumbuka.

Membala wobisa dzina
Ndayeza mkono ndi tepi ya aneba, ndi 21 ndi theka. Pepala la magazi sindikulipeza, mwina lidatsala m'chikwama cha alamu tsiku lotuluka lija, ndipo sakuyankha foni. Mawa m'mawa ndipita nawo. Kodi kuyeza magazi atatu amenewa kumafika ndalama zingati, alipo wayezetsa posachedwa?