Agogo asankha wailesi yawo

"Agogo anga kuno ku Mzuzu akufuna wailesi. Ndiwagulire yotchaja kapena ya mabatire?" Ndinafunsa choncho mwezi watha, ndiye ndabwera kudzakuuzani mmene zinathera.

Tinapita limodzi kumsika waukulu. Wogulitsa anayatsa wailesi yotchaja n'kuikweza mpaka kumapeto, nyimbo ili gugugu. Agogo anapukusa mutu.

"Mwanawe, tsitsa, undiikire nkhani. Ndikufuna ndimve munthu akuyankhula."

Ataika MBC Radio 1, mawu a wowerenga nkhani ankamveka ngati akuyankhulira mumtsuko. Ina yakuda, ya sipika yaikulu, inatulutsa mawu oyera ngakhale itatsitsidwa kwambiri.

Kenaka agogo anatsegula kumbuyo okha. Yotchajayo batire lake ndi lomangiriramo, likafooka mpaka kwa amisiri, komanso kwathu ku Chibavi magetsi akazima nthawi yaitali ndiye kuti wailesi nayo yagona. Yakudayo imalowa mabatire akuluakulu awiri a tochi, a 1.5V lililonse, opezeka pa okala iliyonse. Amakhalitsa kuposa ang'onoang'ono a AA, ndipo akamatha mawu amayamba kusasa, munthu n'kudziwiratu.

Ine ndinkafuna yotchaja chifukwa imalowa memori khadi. Agogo anangoti, "Imeneyo ugule yako," n'kumasula ndalama pansonga ya chitenje.