Za malipiro a tchuthi zija: ndapeza kawerengedwe kake

Sabata yatha ndinafunsa kuti: "Abale, ndimagwira ntchito m'shopu ya mipando kuno ku Joni, ndipo malipiro amasinthasintha chifukwa cha komishoni. Nanga ndalama ya tsiku limodzi la tchuthi aiwerenga bwanji?"

Zikomo nonse amene munandiuza kuti ndiwerenge gawo 35 la lamulo la Basic Conditions of Employment Act. Limati malipiro akamakwera ndi kutsika kwambiri, amayang'ana masabata 13 apitawo, osati mwezi umodzi.

Ndinayala mapepala anga a malipiro patebulo usiku. Miyezi itatu yomaliza ndinalandira R9 800, R7 400 ndi R6 200, pamodzi R23 400. Ndimagwira masiku asanu pasabata, ndiye m'masabata 13 muli masiku 65. Kugawa R23 400 ndi 65, tsiku limodzi likukwana R360, ndipo masiku anga 15 a tchuthi ndi R5 400.

Mayi wa ku ofesi anali atangotenga mwezi womaliza wokha, umene makasitomala anasowa, tsiku n'kukhala pafupifupi R286. Ndikanaluza ndalama yoposa R1 000, yomwe ana kumudzi amadikira. Nditawaonetsa pepala langa, sanavute, anakonza.

Pogawapo samalani, achimwene. Musagawe ndi masiku 91 a pakalendala, chifukwa tsiku limatsika kufika R257. Wogwira masiku asanu ndi limodzi agawe ndi 78. Komishoni imalowa m'chiwerengerocho, koma matipu ochokera kwa makasitomala salowa, ndiye inu a m'malesitilanti muziwachotseratu musanayambe kuphatikiza.