Sikafodi ya mapolo ikugwedezeka tikafika pamwamba, tichite bwanji?

Mwini nyumba, Chalala:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tikumanga nyumba yosanjikiza, khoma lafika pafupifupi mamita 5. Anyamata anaimika sikafodi ya mapolo a bulugamu ogula ku Buseko, mizati yotalikirana mamita 3, pamwamba matabwa opyapyala omwe anatsala pothira silabu. Munthu akakwera ndi ndowa ya matope yonse imapendekera uku ndi uku, matabwa n'kumapindika pakati. Mmisiri akuti ndi momwe zimakhalira. Ndivomere?

Wa ku Kanyama:
Kumbirani mapolo pansi basi bwana, mutsendere bwino. Ife timatero.

Mdala wa zomanga, Matero:
Kukumbira kumagwira phazi lokha, pomwe vuto lanu lili kumutu. Komanso m'mbali mwa khoma ndi dothi lokwirira maziko, mvula ikagwa mzati umatitimira. Tsenderani, muyale thabwa lochindikala pansi pa mizati, osati buloko, imasweka mosachenjeza.

Kugwedezekako ndi chifukwa mapolo anu onse ndi oimirira ndi ogona okhaokha. Pakufunika opingasa, ochoka patsinde pa mzati uwu kukafika pamwamba pa winawo, kutsogolo konse ndi kumapeto kuwiri. Kenako muimangirire ku nyumba. Tulutsani polo pawindo, mkati ndi kunja muipane ndi mapolo ena ogona otsamira khoma, kuti sikafodi isathawire kunja kapena kugwera mkati. Pamamita 5 yopanda chogwirira ku khoma ine sindikwera, ngakhale mundilipire kawiri.

Mamita 3 atalika, onjezani mzati pakati. Matabwa akhale a mamilimita 38, chowachirikiza pansi pa mita 1.2 iliyonse, ogundana popanda mpata. Nsonga isapitirire chochirikiza ndi masentimita oposa 15, apo ayi wina akaponda kumapeto thabwa limadzuka. Kumbuyo kwa omanga ikani chotchinga chofika m'chiuno, china pakati, ndi thabwa loimika m'mphepete kuti zidutswa zisagwere apansi.

Mayi wa ku Chawama:
Kwathu tinachotsa mapolo pakatha milungu itatu ndipo silabu ili bwinobwino.

Mwini nyumba:
Amayi, amenewo ndi ochirikiza silabu, ine ndikunena pokwera omanga. Mdala, nanga polumikiza? Anangokhoma misomali iwiriiwiri.

Mdala wa zomanga:
Bulugamu akauma amang'ambika pamsomali, yang'anani ming'alu pamenepo. Khomani kachipika pansi pa polo yogona kuti kulemera kukhale pa iko, mumange ndi waya wokulunga zolimba, kapena mabawuti. Mabuloko asamaunjikidwe pakati pa thabwa, aziikidwa ochepa pafupi ndi mzati.

Wa ku Garden:
Bwerekani ya mapaipi achitsulo mupume.

Mdala wa zomanga:
Nayonso popanda zopingasa ndi zogwirira ku khoma imagwa chimodzimodzi, komanso chitsulo chisayandikire mawaya a magetsi.

Mwini nyumba:
Mbali ya kumsewu ilibe windo ngakhale limodzi. Kumeneko timangirira pati?