Mwana wa achimwene wachira, ndimulembere zotani?

Wobisa dzina: Amayi anzanga thandizeni, mutu waima. Mwana wa achimwene anga wachira Lachiwiri ku Blantyre, ine ndili kuno ku Joni. Mtsikanayu ndinamulera ndine kuyambira sitandade 5, koma pa chinkhoswe chake amake anandikhazika kumbuyo ngati mlendo, mapoto amene ndinatumiza pa basi osathokoza n'komwe. Zoti ndi woyembekezera ndinangomvera kwa anthu. Komabe ndi magazi anga, ndikufuna ndimulembere mawu omunyadira. Ndiyambe bwanji? Ndine munthu wamkulu, sindingangotumiza timitima.

Gogo Nankhoma: Azakhali athunthu kufunsa pagulu chonena kwa mwana wanu? Kwathu azakhali salemba. Amanyamula ufa, nkhuni ndi sopo, kukaimba nthungululu pakhomo.

Make Tadala: Gogo, mwamva kuti ali ku Joni? Nkhunizo akwera nazo basi? Azakhali, yambani ndi mayiyo, osati khanda. Aliyense akumufunsa kuti "mwana wanji", palibe womufunsa za m'thupi. Lembani chonchi: "Mwana wanga, ndamva kuti wachira. Ndathokoza Mulungu kuti wakupulumutsa, pakati si masewera. M'thupi ukumva bwanji? Nanga mlendo wathuyo? Usavutike kuyankha, puma kaye." Basi. Za mapoto zisalowemo.

Gogo Nankhoma: "Ukumva bwanji" ameneyo ndani? Wabereka, ndi ntchembere tsopano. Muziti "mwachira", "mukumva bwanji". Ulemu umayambira pomwepo.

Make Tadala: Munthu anamulera yekha, kungosintha lero n'kumati "inu", mtsikanayo aona ngati mkwiyo wa chinkhoswe uja sunathe.

Nachisale wa ku Dedza: Ine azakhali anga atamva kuti ndachira, funso loyamba linali lakuti wafanana ndi ndani. Amuna anga anawerenga uthengawo, m'nyumba munalibe mtendere mwezi wathunthu. Funso limenelo lisiyeni, ndapota nanu.

Bambo a Yamikani: Uthenga wabwino ndi uja umalira pa Mpamba kkkk. Matewera sagulidwa ndi mafuno abwino.

Nangozo: Funsani kaye abusa dzina la m'Baibulo, mulitumizire limodzi.

Gogo Nankhoma: Dzina pa foni?! Mwana akadali m'chikuta, mchombo sunagwe, inu mwayamba kale maina? Ndiponso dzina samangopatsa aliyense, makolo amachita kukupempha. Koma muwauze asunge mwambo mpaka adzamutenge mwana, ana a masiku ano tsempho saiopa. Liwombonso aliikire mankhwala.

Anamwino Opuma: Gogo, paliwombo sitipaka kanthu, limatseka lokha, ndipo likalowa m'kati thamangirani kuchipatala chifukwa nthawi zambiri ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Koma azakhali, chachikulu simunatiuze. Wakuuzani ndani kuti wachira? Mayi ndi mwana ali bwanji? Atuluka m'chipatala? Mawu olembera amene ali kunyumba akuyamwitsa ndi osiyana ndi olembera amene mwana wake ali ku nazale.

Wobisa dzina: Ndinaona pa sitetasi ya mng'ono wake. Ndamufunsa pompano, akuti anachita kumupanga opaleshoni, mwana wabadwa miyezi isanakwane, ali ku kangaru. Achimwene sanandiimbire, mwaona khalidwe la banjali?

Anamwino Opuma: Ndiye nthungululu zidikire pang'ono. Ku kangaru mayi amakhala atamangirira mwana pachifuwa, khungu kukhudzana, usana ndi usiku, kumudyetsa pafupipafupi, mwina mkaka wochita kufinyira m'kakapu, chonsecho bala la opaleshoni likupweteka. Foni saigwira kawirikawiri. Musapemphe chithunzi, musafunse kuti walemera makilo angati, musafunsenso kuti chinachitika n'chiyani, mayi wotere amadziimba kale mlandu. Kumunyadira ndiye munyadireni ndithu, chifukwa ambiri amangoti "pepani" ngati pagwa zovuta, ndipo zimawawa. Munganene kuti: "Mwana wanga, ndanyadira kuti watipatsa mlendo. Wagwira ntchito yaikulu. Ndikukupemphererani nonse awiri kuti mulimbe. Ukafuna kanthu uuze amene akukudikirirayo andiimbire." Ndalama tumizani kwa womudikirirayo, ndi amene akugula chakudya ndi sopo. Mukafuna kugula za mwana, tizipewa, timasokosi ndi zitenje, chifukwa ana otere amazizidwa msanga.

Nachisale wa ku Dedza: Womudikirirayo ndiye amake aja a mapoto, muona.

Gogo Nankhoma: Nchifukwa chake ndikuti ayambe aimbira achimwene awo. Kulumpha makolo n'kukalankhula ndi mwana pa nkhani yoonera pa sitetasi, mawa adzati azakhali ndi akazitape.

Make Tadala: Akadikira achimwene amene saimba foni, mwana adzayamba kukwawa uthenga usanapite.

Wobisa dzina: Nambala ya mlamu wangayo ndinaifufuta chaka chatha. Ndingatumize kudzera kwa mng'ono wake uja, kapena ziwoneka zamwano?